Mapulokisi: kuedita 4K pa kalaputopu kofooka popanda kujamajama

Anthu ambiri laputopu ikayamba kujama pa editi amathamangira kunena kuti fayilo yakulitsa, nde amaitenga nkuipanikiza kuti ichepe, akaibweza pa thayimulayini amapeza kuti ikujamabe, mwinanso kuposa poyamba. Vuto nthawi zambiri si kukula kwa fayilo ayi. Vuto ndi mmene zithunzi zinalongedwera mkati mwa fayiloyo, ndipo mukamvetsa chimenechi nkhani yonse ya mapulokisi imakhala yosavuta, mudziwa chifukwa chake pulokisi yabwino nthawi zina imakhala yaikulu ndithu koma laputopu nkumaisewera bwinobwino ngati palibe kanthu.

Pulokisi ndi kope lopepuka la kilipu yanu. Mumadula ndi kulumikiza pogwiritsa ntchito kopelo, pulogalamu imangosunga kuti mwadula pa sekondi yakuti fulemu yakuti, kenako pa nthawi yotulutsa kanema womaliza imabwerera ku fayilo yeniyeni ya mu kamera nkutenga zithunzi kumeneko. Kukongola kwa kanema sikutsika olo pang'ono, bola zonse zalumikizidwa molondola. Pa "bola" pamenepa mpomwe anthu amagwera, tifikapo.

Tiyambe ndi zomwe laputopu imakumana nazo mukadina kuti kanema asewere. Fulemu imodzi ya 4K ndi 3840 kuchulukitsa ndi 2160, mapikiseli opitirira 8 miliyoni. Ya 1080 ili ndi 2 miliyoni ndi kakusefukira pang'ono, ya 720 siifika ndi miliyoni imodzi yomwe. Ngati munajambula mafulemu 25 pa sekondi, kompyuta ili ndi mamilisekondi 40 okha kuti itsegule fulemu, iikonze, iionetse pa sikirini, isanapite ku yotsatira. Ikachedwa imayamba kudumpha mafulemu, mawu nkumapitirira chithunzi chitaima. Kumeneko ndi kujama komwe mumakuona.

Koma kuchuluka kwa mapikiseli ndi theka chabe la nkhani. Makamera ambiri, mafoni ndi madironi amajambula mu H.264 kapena H.265, ndipo makodeki amenewa, kutanthauza njira zolongedzera zithunzi mu fayilo, anapangidwa kuti fayilo ichepe, osati kuti izidulidwadulidwa. Sasunga fulemu iliyonse yathunthu. Amasunga imodzi yathunthu, kenako mafulemu angapo otsatira amangolemba zomwe zasintha, kuti dzanja lasuntha chonchi, kumbuyoku sikunasinthe. Zili ngati kope la ngongole lomwe pamwamba analemba ndalama zonse kamodzi, mizere yotsatira nkumangoti onjezani zakuti, chotsani zakuti, nde munthu akakufunsani kuti pa mzere wa 20 zinatsala zingati simungangoyang'ana mzerewo, mukuyenera kubwerera pamwamba nkuwerengera kutsika. Mafulemu ena amadaliranso fulemu ya kutsogolo yomwe sinafike, choncho kompyuta imayenera kutsegula za kutsogolo kaye kuti ionetse za pano. Mu menyu ya kamera njira imeneyi mumaiona italembedwa Long GOP kapena IPB.

Mukamangoonera kanema kuyambira koyamba mpaka kumapeto izi sizivuta kwenikweni, nchifukwa chake fayilo yomweyo imasewera bwino mu VLC koma mu pulogalamu ya editi nkumakanika. Pa editi simuonera mwadongosolo. Mumadumpha uku ndi uku, mumakoka kamzere kaja mmbuyo, mumasewera chobwerera, pa kati iliyonse kompyuta imasiya fayilo ina nkukatsegula ina pakati penipeni. Kudumpha kulikonse ndi kubwerera ku fulemu yathunthu nkuyamba kuwerengera. Pa makamera mtundawu umakhala waufupi, theka la sekondi kapena sekondi imodzi, koma makanema ojambula sikirini ndi ena otsitsa pa intaneti amatha kukhala ndi mafulemu 250 pakati pa fulemu yathunthu ndi inzake, pa 25 pa sekondi amenewo ndi masekondi 10. Nde musadabwe kakilipu ka 1080 kochepetsetsa kakuimitsa makina.

Pali kanthu kenanso komwe kamasiyanitsa malaputopu awiri ooneka ofanana. Mu pulosesa kapena mu khadi la zithunzi muli kachigawo kapadera kotsegulira H.264 ndi H.265, pa Intel amakatchula Quick Sync. Fayilo ikakhala ya mtundu womwe kachigawoka kamaudziwa, ntchito imapepuka kwambiri. Ikakhala ya mtundu womwe sikaudziwa, katundu yense amagwera pulosesa. Mafayilo a 10-bit 4:2:2, omwe amasunga tsatanetsatane wambiri wa mitundu, ndi omwe amavutitsa kwambiri, a H.265 otere malaputopu a Intel akale, asanafike a m'badwo wa 10 ndi 11, sawatsegula ndi kachigawo kaja, ndipo a H.264 otere pafupifupi laputopu iliyonse yotchipa imawatsegula ndi pulosesa basi.

Musanapange pulokisi ndi imodzi yomwe, onani kaye chomwe chikutsamwa. Tsegulani Task Manager ndi Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance, kenako sewerani thayimulayini yopanda maifekiti muli kuyang'ana. CPU ikakhala pa 100% pomwe Video Decode ya pa GPU ili phee pansi, ndiye kuti vuto ndi kodeki, ndipo pulokisi ikuchiritsani. Disk ikakhala pa 100% CPU ili pakatikati, vuto ndi komwe mwasunga mafayilo, mwina hadi diski yozungulira yomwe mwailumikiza pa doko la USB 2.0. Memory ikadzaza mpaka pakamwa, kompyuta imayamba kugwiritsa ntchito diski ngati ramu ndipo chilichonse chimazizira, apa pulokisi imathandizako koma tsekaninso bulawuza ndi zina zonse zomwe zili zotsegula. Mphindi ziwiri zimenezi zimakupulumutsani kuti musataye usiku wonse mukupanga mankhwala a matenda ena.

Tsopano pulokisi yabwino imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Imachepetsa mapikiseli, komanso imasintha kodeki kupita ku yomwe imasunga fulemu iliyonse yathunthu payokha. Makodeki otere odziwika ndi ProRes ya Apple ndi DNxHR ya Avid, ndipo mitundu yake yopepuka kwambiri ndi ProRes 422 Proxy ndi DNxHR LB. Mukadumphira pakati pa fayilo yotere kompyuta imangotenga fulemu imodziyo nkuonetsa, palibe kubwerera mmbuyo. Ine ndimaona kuti pa zinthu ziwirizi kusintha kodeki ndiye chofunika kwambiri. Mapulogalamu ambiri amakupatsaninso mwayi wopanga pulokisi ya H.264, fayilo yake imachepa zedi ndipo ndi yabwino ngati mukufuna kutumizira mnzanu pa intaneti, pa makina ena imayenda bwino ndithu chifukwa mapikiseli achepa, koma mukayamba kukoka mmbuyo ndi mtsogolo mwachangu kapena kuika makamera angapo pamodzi kakuchedwa kaja kamabweranso. Ngati malo pa diski alipo, sankhani ProRes kapena DNxHR.

Tiyeni titenge ntchito imodzi tiione bwinobwino. Tinene kuti mwajambula zokambirana ndi makamera awiri, iliyonse ola limodzi ndi theka, 4K, mafulemu 25, H.264 pa 100 Mbps. Kamera ikamati 100 Mbps ikunena mabiti, mugawe ndi 8 mupeza 12.5 MB pa sekondi, pa ola ndi 45 GB. Maola atatu onse pamodzi ndi 135 GB. Laputopu yanu ili ndi ramu ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB yomwe yatsala ndi 60 GB yokha. Mafayilo enieni sangakwane mkati, akhala pa hadi diski yakunja, palibe kuchitira mwina.

Funso loyamba ndi loti pulokisi ikhale yaikulu bwanji. ProRes 422 Proxy pa 1080 ndi mafulemu 25 imadya pafupifupi 38 Mbps, ndiye 17 GB pa ola, maola atatu 51 GB. Ikwana inde koma SSD itsala ndi 9 GB, ndipo Windows ndi pulogalamu ya editi zimafunanso malo opumira, SSD yodzaza imayamba kuchedwa. Pa 720 imadya pafupifupi 9 GB pa ola, zonse 27 GB, mwatsala ndi malo okwanira. Pa 960 ndi 540 imatsika kufika cha mu 5 GB pa ola. Taonaninso ichi, mukasiya 4K yomweyo nkungosintha kodeki kukhala ProRes 422 Proxy, fayilo imafika cha mu 150 Mbps, kuposa ya mu kamera ija. Nde musaiwale kutsitsa mapikiseli poganiza kuti dzina loti Proxy lachita kale zonse. Pa zokambirana, pomwe ntchito yanu ndi kumva mawu ndi kuona nkhope, 540 imakwana, pa sikirini ya mainchesi 14 kawindo koonera kamakhala kakang'ono kale moti kusiyana kwake simukuona kwenikweni.

Mu DaVinci Resolve zimayenda chonchi. Musanalowetse kilipu iliyonse tsegulani Project Settings, pa Master Settings muike Timeline frame rate pa 25, chifukwa mukangoika zinthu pa thayimulayini malo amenewa amatsekeka. Timeline resolution muike 1920 x 1080 olo mukufuna kudzatulutsa 4K, chifukwa Resolve imakonza chithunzi pa saizi ya thayimulayini, mukasiya 4K khadi la zithunzi lizisenzabe mapikiseli 8 miliyoni aja olo pulokisi ili yaing'ono. Mutha kudzakweza pa mapeto. Tsikani pansi pa Optimized Media and Render Cache, pa Proxy media resolution musankhe Quarter, yomwe pa 4K imapereka 960 ndi 540, kapena Half yomwe imapereka 1080. Pa Proxy media format musankhe ProRes 422 Proxy, ngati pa Windows yanu siikuoneka chifukwa muli ndi Resolve yakale tengani DNxHR LB, ntchito yake ndi imodzimodzi. Kenako pa Working Folders pali Proxy generation location, lozani foda ya pa SSD yamkati.

Pamenepa ndiimepo pang'ono chifukwa anthu amapanyozera. Hadi diski yozungulira ili ndi kamutu komwe kamayenda kukasaka pomwe pali deta. Ikamawerenga fayilo imodzi motsatana imathamanga bwino, koma makamera awiri pamodzi ndi fayilo ya mawu ndiye kuti kamutu kaja kakudumpha malo atatu mosalekeza, ndipo pa kati iliyonse pamakhala kakuima. SSD ilibe chosuntha, imafika paliponse nthawi yomweyo. Nde mafayilo aakulu omwe mudzawafuna kamodzi pa mapeto akhale kunja, mapulokisi omwe muziwagwira tsiku lonse akhale mkati. Phindu lina ndi loti mutha kuchotsa hadi diski nkumaedita ndi mapulokisi okha, nkudzailumikiza pa nthawi yotulutsa.

Mukakonza zimenezo lowetsani makilipu, asankheni onse mu Media Pool, dinani batani lakumanja la mausi nkusankha Generate Proxy Media. Apa laputopu ikuyenera kutsegula fulemu iliyonse ya 4K ya maola atatu aja, ntchito yomwe inkaikanika ija, kungoti pano ikuichita kamodzi, motsatana, popanda woithamangitsa. Pa makina ofooka zitha kutenga nthawi yofanana ndi kutalika kwa futejiyo kapena kuposa, nde yambitsani madzulo muisiye. Chaja ikhale yolumikiza, chifukwa pa batire malaputopu ambiri amatsitsa liwiro la pulosesa. Mu Settings zimitsani zoti izigona yokha. Iikeni pa malo olimba osati pa bedi, mpweya uzilowa pansi, pulosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse ndipo ntchito imatalika. Langizo langa ndi loti muyambe ndi kilipu imodzi yaifupi, muione ngati ikusewera bwino, mawu ali mmalo, kenako ndi pomwe muponye zonse.

Zikatha pitani pa Playback, Proxy Handling, musankhe Prefer Proxies. Popanda kudina apa mapulokisi alipo koma Resolve ikhoza kumasewerabe mafayilo enieni, inu nkumati pulokisi ndi bodza. Mu Media Pool mukaika makilipu mwa mndandanda mutha kuonetsa kolamu ya Proxy, imakuuzani kilipu yomwe ili nayo ndi yomwe ilibe. Musasokoneze ndi china cha mu menyu yomweyo chotchedwa Timeline Proxy Resolution, pa Resolve zatsopano Timeline Playback Resolution. Chimenecho sichipanga fayilo iliyonse, chimangotsitsa chithunzi fayilo itatsegulidwa kale, nde chimathandiza maifekiti akalemera koma katundu wa kodeki amatsala pomwepo. 1/2 ndi 1/4 za pansi pa sikirini mu Premiere nazonso ndi chimodzimodzi.

A Premiere njira yake ndi yofanana. Sankhani makilipu mu Project, batani lakumanja, Proxy, Create Proxies, ntchito imapita ku Media Encoder. Ikatha mukufunika batani la Toggle Proxies pansi pa sikirini yoonera, ngati palibe dinani ka + nkulikokera pa mzere wa mabatani, likakhala la buluu ndiye kuti mukuonera pulokisi. Shotcut ndi Kdenlive, zomwe ndi zaulere komanso zopepuka pa ramu ya 8 GB, nazo zili ndi mapulokisi mu Settings.

Nthawi zina pulogalamu ya editi yokhayo imalemera moti kupangira mapulokisi mmenemo kumangoigwetsa. Zikatero mutha kupangira kunja ndi ffmpeg, pulogalamu yosinthira makanema yomwe mumailamula polemba mizere ya malamulo, yomwe siidya ramu yambiri. Yambani mwafunsa fayilo kuti ndi yotani ndi ffprobe, yomwe imabwera limodzi ndi ffmpeg:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -show_entries stream=codec_name,pix_fmt,r_frame_rate,avg_frame_rate C0001.MP4
```

Ikakuyankhani hevc ndiye H.265, ikati yuv422p10le ndiye 10-bit 4:2:2 ija yolemera. Manambala awiri omaliza aja asungeni mmutu, tiwafuna posachedwa. Pulokisi yake ndi iyi, foda ya Proxy muipange kaye:

```
ffmpeg -i C0001.MP4 -map 0:v:0 -map 0:a? -vf scale=1280:-2 -c:v prores_ks -profile:v 0 -pix_fmt yuv422p10le -c:a pcm_s16le Proxy/C0001.mov
```

Ka scale=1280:-2 kakunena kuti mulifupi mukhale 1280, msinkhu uwerengeredwe wokha kuti chithunzi chisapindike. Ka -profile:v 0 ndiye ProRes 422 Proxy. Ka -map 0:a? kakutenga matiraki onse a mawu, osati imodzi yokha. Taonani kuti palibe pomwe tasintha mafulemu pa sekondi kapena kudula kutalika, ndipo dzina tasiya lomwelo. Mukatha, mu Resolve mumagwiritsa Link Proxy Media kapena Relink Proxy Media, mu Premiere Attach Proxies.

Tafika pa "bola" uja. Pulokisi itha kusiyana ndi fayilo yeniyeni pa mapikiseli ndi kodeki basi, pa china chilichonse ikhale mapasa. Pulogalamu imasunga kati yanu ngati nambala, kuti fulemu ya 4,500 ya kilipu yakuti. Ngati kamera inajambula 50 pa sekondi inu nkupanga pulokisi ya 25 kuti ipepuke, fulemu ya 4,500 ili pa sekondi ya 90 mu fayilo ina ndi ya 180 mu inzake, ndipo kanema womaliza atuluka ndi makati pa malo omwe simunaikepo. Ngati munadula masekondi awiri oyamba chifukwa kamera inkagwedera, chilichonse chasuntha ndi masekondi awiri. Ngati kamera ili ndi machanelo anayi a mawu pulokisi nkukhala ndi awiri, Premiere imakana kulumikiza. Ngati fayilo ndi ya 4096 ndi 2160 inu nkuikakamiza kukhala 1280 ndi 720, maonekedwe asiyana, ndipo malo omwe munaika mawu olembedwa kapena pomwe munakulitsa chithunzi sadzagwirizana pa mapeto. Thayimukodi, nambala ya nthawi yomwe kamera imalemba pa fulemu iliyonse, nayo ifanane, Resolve imaiyang'ana polumikiza, nde mukapangira kunja tsegulani kilipu imodzi muone ngati nambala yoyambira ili yomweyo mbali zonse. Ubwino wopangira mkati mwa pulogalamu ndi woti zonsezi imazisamala yokha.

Mu ntchito yathu ya makamera awiri muli msampha wina. Makamera a kampani imodzi amatchula mafayilo mofanana, yoyamba ili ndi C0001.MP4 yachiwiri nayonso C0001.MP4. Mukathira mapulokisi onse mu foda imodzi, ina ifufuta inzake, kapena pulogalamu ilumikiza pulokisi ya kamera yachiwiri ku fayilo ya yoyamba, inu nkumaedita nkhope ya wofunsa pomwe chomwe chidzatuluke ndi nkhope ya woyankha. Pangani mafoda awiri kuyambira pa tsiku lokopera makhadi, KAMERA_A ndi KAMERA_B, mapulokisi nawonso mafoda awiri chimodzimodzi. Ndipo mukangolowetsa mafayilo mu pulojekiti musawasinthenso maina kapena kuwasuntha. Pa Windows hadi diski imatha kusintha chilembo, lero ndi E mawa ndi F chifukwa munalowetsa fulashi kaye, zonse nkuoneka Media Offline. Mu Disk Management ipatseni chilembo chakutali ngati X kuti izikhala chomwecho nthawi zonse.

Tsopano makilipu a pa foni, poti pa ntchito ngati imeneyi sipalephera wina kukupatsani kakanema ka pa foni kuti muikemo. Mafoni ambiri ndi mapulogalamu ojambula sikirini sasunga liwiro limodzi la mafulemu, kukada kapena foni ikatentha amatsika kenako nkukweranso. Mu ffprobe muja mukaona r_frame_rate ndi avg_frame_rate zikusiyana, mwachitsanzo ina ikuti 30/1 inayo ikupereka nambala yosamveka yoyandikira 29.8, kayikirani fayiloyo. Pulogalamu ya MediaInfo imanena poyera, pa Frame rate mode imalemba Variable. Chizindikiro chake pa editi ndi choti koyambirira milomo ndi mawu zili pamodzi, pofika mphindi ya 10 zasiyana, ndipo kusiyanako kukukulirakulira. Pulokisi imakhala ndi liwiro lokhazikika pomwe mayi wake alibe, nde mapasa aja asiyana kale. Njira yake ndi kukonza fayilo yeniyeniyo kaye, idutseni mu pulogalamu ya HandBrake, musankhe liwiro lomwe mukufuna ndi Constant Framerate, kukongola muike pamwamba, fayilo yatsopanoyo ndi yomwe mulowetse mu pulojekiti ngati yeniyeni, pulokisi ichokere pa iyoyo.

Kenako dziwani pomwe pulokisi imalekezera. Imapeputsa kutsegula fayilo basi. Mukaika zochotsa phokoso la mu chithunzi, Warp Stabilizer, mawu oyendayenda a mu Fusion kapena kusintha mitundu kwa magawo ambirimbiri, ntchito imeneyo ndi ya pulosesa, khadi la zithunzi ndi ramu, ijamabe. Nde tsatani dongosolo, dulani nkhani yonse kaye popanda ifekiti iliyonse, zolemerazo muike pa mapeto, ndipo muzizimitsa mukabwerera kukakonza makati. Palinso zinthu zomwe simungaweruze pa pulokisi. Pa 540 chithunzi chomwe fokasi yake inaphonya pang'ono chimaoneka chimodzimodzi ndi chakuthwa, mudzazindikira pa sikirini yaikulu zitatha kale. Mukasankha shoti yofunika imitsani kanema, mu Proxy Handling muja sinthani kupita ku Prefer Camera Originals, muone fulemu imodziyo mutaikulitsa, laputopu iliyonse imatha kuonetsa fulemu imodzi yoima. Mitundu ndi kuchotsa nsalu yobiriwira nazo muzionere pa fayilo yeniyeni, makamaka poti DNxHR LB ndi ya 8-bit, kumwamba ndi pa makoma osalala imatha kuonetsa timizere tomwe mu fayilo ya 10-bit mulibe, musalimbane ndi vuto lomwe kulibe.

China chomwe chimapweteka ndi ichi. Resolve yaulere pa Windows imakana mafayilo ena a 10-bit, mumangomva mawu chithunzi palibe kapena Media Offline. Apa pulokisi ya ffmpeg itha kukuonetsani chithunzi nkuedita bwinobwino, koma pa mapeto pulogalamu ikafuna fayilo yeniyeni siitsegulabe. Zikatero chomwe mukufuna si pulokisi yokha, ndi kope lathunthu la kodeki yomwe imawerengeka, ngati DNxHR HQX kapena ProRes 422, pa saizi yomwe mudzatulutsire, ndipo mafayilo amenewo ndi aakulu kwambiri nde konzani malo. Yesani izi tsiku loyamba ndi kilipu imodzi, osati tsiku lopereka ntchito.

Pa kutulutsa, lumikizani hadi diski, muone kuti palibe kilipu yofiira pa thayimulayini mutasankha Prefer Camera Originals. Ngati mukufuna 4K kwezani Timeline resolution pano, muyendemo mwachangu kuona ngati mawu olembedwa ali mmalo mwake. Pa Deliver, pansi pa Advanced Settings, pali kabokosi ka Use proxy media, kakhale kosachonga. Premiere nayo ili ndi Use Proxies pa Export, chimodzimodzi. Kabokosi kameneka ndi kabwino mukafuna kutulutsa kope lachangu loti wina aonere nkupereka maganizo, koma mukakaiwala kali kochonga mupereka kanema wa 540 wotambasulidwa, fayilo nkumanena kuti ndi 4K pomwe maso akuona mbuu.

Kutulutsaku kuchedwa, musayembekezere zodabwitsa, laputopu yabwerera ku mafayilo olemera aja. Kungoti pano ikutsegula mbali zokhazo zomwe zalowa mu kanema, ngati pa maola atatu munasankhamo mphindi 20 ndiye mphindi 20 zomwezo. Musanatulutse yense ikani In ndi Out pa masekondi 30 a chakumapeto kwa thayimulayini, pomwe pali munthu akulankhula ndi kati imodzi kapena ziwiri, mutulutse kachidutswako muonere. Chakumapeto ndi komwe kusiyana kwa mawu ndi milomo kumaonekera kwambiri ngati kulipo. Kakakhala kakuthwa, makati ali pomwe munawaika, yambitsani yense. Mapulokisi musawafufute mpaka mwini ntchito atavomera kuti palibenso zosintha, zikatha fufutani foda ya mapulokisi mupeze malo anu pa SSD, koma mafayilo a mu kamera ndi fayilo ya pulojekiti musunge, mapulokisi mutha kudzawapanganso kuchokera pamenepo tsiku lililonse.